Shedi ya kwa Ngabu: mafuting'i 8, zipilala 8 ndi matumba 33 a simenti

Lolemba, 6 Okutobala

Ndayamba kulemba pano chifukwa kope langa lija linanyowa ndi thukuta m'thumba mpaka manambala osaonekanso, komanso alamu anga aku Bangula akuti chaka chamawa amanga yofanana nde bola azingowerenga pano m'malo mondiimbira foni usiku ndili mtulo.

Chomwe tikumanga si nyumba yogona ayi, ndi shedi yosungiramo mapira ndi thonje, 9 mita mulitali 5 mita mulifupi, denga la malata litakhala pa zipilala 8 zozungulira, zinayi mbali iyi zinayi mbali inayo. Makoma tidzaika pambuyo ndalama ikapezeka. Pulani anatijambulira mnyamata wina wophunzira zomangamanga amene amayang'anira ntchito za nyumba cha ku Nchalo, ineyo mbali yanga ndi kuwerengera katundu ndi kulipira basi, nde zazitsulo ndi kukula kwa zinthu ndikungotsata zomwe zili papepala, sindinazipeke ndekha.

Papepalapo pali zotere. Pansi pa chipilala chilichonse pali futing'i yakeyake, kutanthauza maziko a konkire osenza chipilalacho, sikweya, 1 mita ku 1 mita, kunenepa kwake masentimita 30. Dzenje likuyenera kuya 1.2 mita chifukwa kuno ndi makande, aliyense wa kwa Ngabu akudziwa mmene dothili limang'alukira Okutobala, ming'alu yolowa dzanja, kenako mvula ikagwa n'kufufuma. Futing'i ukayiika pamwambamwamba imayenda limodzi ndi dothilo. Pansi penipeni timayamba tathira kakonkire kopyapyala ka masentimita 5 koti zitsulo zisagone padothi, amisiri amati bulaindi. Chipilala kukula kwake ndi masentimita 25 kudutsa pakati. Kutalika ndi pomwe ambiri amaphonya, chifukwa amangowerengera chomwe chimaoneka ndi maso. Chathu chikuyambira pamwamba pa futing'i, nde m'dothi muli 0.85 mita, kenako 0.45 yokweza fulo poti Freddy wa 2023 anatiphunzitsa kuti madzi safunsa, kenako 2.7 kuchokera pafulo kufika pansi pa bimu. Zonse pamodzi 4 mita ndendende.

A bilida atayang'ana pepala anangoti bwana gulani matumba 45 tikhale pabwino. Ndinawafunsa kuti 45 yo yachokera pati, akuti n'zomwe zimalowa. Sindinakangane nawo, ndi achikulire ndipo manja awo ndi abwino, koma ndati ndiwerengere kaye ndekha.

Lachinayi, 9 Okutobala

Futing'i n'njosavuta, ndi bokosi basi, mulitali kuchulukitsa ndi mulifupi kuchulukitsa ndi kunenepa, zonse mu mamita osasakaniza ndi masentimita.

```
1.0 x 1.0 x 0.30 = 0.30
0.30 x 8 = 2.40
```

Nde mafuting'i onse ndi makiyubiki mita 2.4. Bulaindi ija momwemonso, 0.05 dzenje lililonse, maenje 8 ikukwana 0.4.

Pa zipilala ndi pomwe tinatsala pang'ono kugwa chagada. Ndinamupatsa mphwanga, mwana wa achemwali ali Fomu 3, kuti awerengere pa foni, anabwera nazo akumwetulira kuti amalume ndi makiyubiki 6.28. Ine mtima phaa, ndikuganiza kuti ndiye kuti a bilida aja anachepetsa kumene, 45 siyikwana. Koma ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti zitheka bwanji timizati 8 toonda ngati mjigo tidye konkire kuposa mafuting'i onse kawiri ndi theka. Titabwerera tinapeza kuti mwanayo anaika 0.25 pomwe pamafunika theka lake. Fomula ya chozungulira imafuna muyezo wochokera pakatikati kufika m'mphepete, osati wodutsa mbali ndi mbali, nde pa chipilala cha masentimita 25 umaika 0.125. Ndipo poti nambalayo imadzichulukitsa yokha, ukaiwala kugawa pakati yankho silimakula kawiri ayi, limakula kanayi.

```
3.14 x 0.125 x 0.125 x 4.0 = 0.196
0.196 x 8 = 1.57
```

1.57 kuchulukitsa kanayi ndi 6.28 yake ija, ndendende kkkk. Ndamuuza njira yodzigwirira wekha ukalakwitsa, ndiyilembenso pano. Yerekeza kuti chipilalacho n'cha makona anayi, 25 ku 25, kutalika komweko, chikanadya 0.25. Chozungulira chimakwana mkati mwa cha makonacho, makona anayi aja atasemedwa, nde sichingadye zoposa pamenepo, chimadya pafupifupi magawo 8 pa 10. Ukapeza yankho loposa la makona anayi dziwa kuti penapake wapunthwa, usathamangire ku hadiweya.

Malo a zitsulo sindinachotsere. Zitsulo 6 za Y12, zonenepa mamilimita 12, mu chipilala chotere sizikwana ngakhale magawo 2 pa 100, zomwe zimatayika pa fosholo n'zambiri kuposa pamenepo.

Loweruka, 11 Okutobala

Tsopano kuchoka pa makiyubiki kufika pa matumba, poti ku hadiweya sagulitsa kiyubiki.

Apa pali kanthu komwe kanandivuta kumvetsa nthawi yoyamba. Ukatenga ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga, zinayi za miyala, mutu umakuuza kuti upeza ndowa 7 za konkire. Supeza. Upeza zinayi ndi theka mwina. Zili ngati kuthira mapira m'dengu lodzadza malambe, mapira amangolowa m'mipata dengu osakwera, mchenganso umalowa m'mipata ya miyala, simenti ndi madzi n'kulowa m'mipata ya mchenga. N'chifukwa chake owerengera amachulukitsa ndi 1.54, kutanthauza kuti pa kiyubiki imodzi ya konkire yothira m'dzenje umafunika katundu wouma wokwana 1.54. Thumba la makilo 50 limatengedwa ngati malita 35 kapena kuti 0.035.

Mafuting'i pulani ikuti 1:2:4 ya simenti, mchenga ndi miyala, magawo onse ndi 7, nde simenti ndi 1.54 kugawa ndi 7 yomwe ndi 0.22, kugawanso ndi thumba limodzi ukupeza matumba 6.3 pa kiyubiki. Pa 2.4 yathu ija ndi matumba 15 ndi kapang'ono. Kunena mwachidule futing'i imodzi isamalize matumba awiri, patsale kenakake m'thumba lachiwirilo. Nambala imeneyi ndi yomwe ndayisunga m'mutu chifukwa ndi yomwe ndingaone ndi maso tsiku lothira.

Zipilala wojambula wati zikhale zonona, 1:1.5:3, pamenepo ndi matumba 8 pa kiyubiki, nde 1.57 ikufuna pafupifupi 13. Bulaindi ndi yowonda 1:3:6, matumba awiri. Kuphatikiza ndi 30. Ndaonjezera gawo limodzi pa 10 la zotayika, 33. Ndagula 33, simenti ya mphamvu ya 42.5 poti ndi yomwe walemba, ndipo ndaima pomwepo pokweza kumafinya thumba lililonse m'makona kuti lisakhale ndi mibulu. A bilida atamva anangoseka n'kuti chabwino bwana, mudzathamanganso nokha ndi kabaza.

Mchenga wonse ukufunika pafupifupi makiyubiki awiri, miyala kawiri kake, 3.8. Mnyamata wa ngolo amawerengera pa tilipi, nde ndinatenga tepi n'kuyeza ngoloyo mkati, 1.8 ku 1.0 ndipo mchenga amadzadza kufika masentimita 30 ng'ombe zisavutike, ndiye kuti tilipi ndi theka la kiyubiki kuposa pang'ono. Ndamuuza matilipi asanu osati anayi, chifukwa mchenga wa mumtsinje ukakhala wachinyezi umafufuma, umaoneka wambiri koma ukauma mulu umatsika. Ndaika wina m'botolo ndi madzi n'kukhutchumula, utakhazikika matope pamwamba anali ochepa kwambiri, bhobho.

Miyala ndiye nkhani. Ya kwale ya mamilimita 20 kuno imachokera kutali ndipo thiransipoti imapweteka, nde ya mafuting'i ndagula yoswa ndi manja kwa amayi ena, koma ya zipilala ndalimba mtima ndagula ya kwale yeniyeni, chifukwa mwala waukulu ngati dzira sungadutse pakati pa zitsulo 6 ndi maling'i ozimanga pamodzi mu paipi yopapatiza yothiramo chipilala.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Maenje akumbidwa onse 8. Anyamata aganyu amayamba mbandakucha n'kuweruka 10 koloko, kupitirira apo pikiyo sugwira ndi dzanja. Makande ouma sakumbika mwaulemu, ukamenya piki pamachoka chigulumwa chonse ngati mutu wa munthu, nde maenje omwe tinalemba ndi chingwe bwinobwino 1 mita ku 1 mita atuluka akuluakulu ndipo m'mbali muli mapanga. Ndinaona koma sindinayeze, ndinangoti aa ndi pang'ono. Limenelo ndi vuto langa, ndivomere.

Bulaindi yadya matumba 3 m'malo mwa awiri. Belu linali limeneli koma sindinalimve. Atsala 30.

Mawa ndi holide ya Tsiku la Anakubala, anyamata akuti sabwera, ife tikhala tikumanga zitsulo pamthunzi wa nimu.

Lachisanu, 17 Okutobala

Lero ndapsa mtima kenako ndaphunzira.

Tinayamba kuthira cha m'ma 5 m'mawa. Zitsulo za pansi tinaziika pa timabisiketi ta simenti ta masentimita 5, zitsulo zoimirira za chipilala tazimangirira kale pakati. Poyeza takana za fosholo ndi wilibala yodzadza mpaka phiri, tikugwiritsa ndowa ya malita 20 imene ndinayamba ndayiyesa ndi chigubu kuti ndi 20 yeniyeni, thumba limodzi ndowa zitatu ndi theka za mchenga ndi 7 za miyala, kusalaza pamwamba ndi thabwa. Madzi chigubu chimodzi ndi kapang'ono, osapitirira malita 25 pa thumba. Ndinafunsa za matabwa otchinga m'mbali, a bilida anati bwana dzenje lomwelo ndi shatala, kuononga matabwa chifukwa chani.

Dzenje loyamba thumba lachiwiri linatha konkire isanafike pa chizindikiro chomwe tinakhoma. Tinatsegula lachitatu. Lachiwiri chimodzimodzi. Maenje awiri matumba 5 kuphatikiza kena kochokera mu la 6, pomwe pepala langa likuti asafike anayi. Chinthu choyamba chomwe chinandibwerera m'mutu n'choipa ndithu, ndinayamba kuwerenga mapepala a simenti opanda kanthu ndi kuyang'ana anyamata m'maso, mpaka wina anaona n'kunena kuti abwana ngati mukutikayikira tiuzeni. Manyazi anandigwira. Ndinaimitsa ntchito n'kutenga tepi.

Dzenje loyamba linali 1.15 ku 1.2, lachiwiri 1.15 ku 1.15. Ndi maso palibe chomwe ungaone, ndi kachikhatho kamodzi mbali iyi kamodzi mbali inayo. Koma taonani masamu ake.

```
1.15 x 1.20 x 0.30 = 0.414
1.15 x 1.15 x 0.30 = 0.397
```

M'malo mwa 0.30 ndi 0.30. Onse awiri 0.81, kuchulukitsa ndi 6.3 ndi matumba 5.1, ndendende zomwe zalowa. Palibe waba ngakhale supuni, simenti yanga yapita kukatseka mapanga a makande. Ndi nkhani yomweija ya mphwanga koma yabwera ndi nkhope ina, muyezo wa mbali umalowa m'masamu kawiri nde ukakula pang'ono konkire imakula kwambiri. Masentimita 15 pa mita ndi magawo 15 pa 100, koma akakhala mbali zonse ziwiri konkire imakwera ndi magawo 32 pa 100, ndipo dzenje likafika 1.2 ku 1.2 ndi magawo 44. Tikanapitiriza choncho maenje onse 8 akanadya matumba 20 kapena kuposa m'malo mwa 15, nde ndaona komwe 45 ya a bilida imachokera, si umbava, ndi nambala ya munthu amene moyo wake wonse wakhala akuthira m'maenje osatchinga ndi fosholo yosayeza, kwa iwo zimalowadi choncho.

Ndinapepesa anyamata, ndawagulira thobwa. A bilida ndinawaonetsa tepi osati pepala, anayeza okha kawiri n'kungoti hmm, kenako anati koma bwana futing'i yaikulu ndi yolimba. Mwina, koma zitsulo zinadulidwa za mita imodzi, konkire yapanjayo ilibe chitsulo, ndipo ngati pakanafunika 1.2 wojambula akanalemba 1.2.

Loweruka, 18 Okutobala

Tabwereka matabwa kwa atsibweni n'kukhoma mabokosi awiri opanda pansi, mkati mwake 1 mita ku 1 mita, kutalika masentimita 30, matabwa awiri a 15 kusanjikiza. Mkati mwake ndanenatu, chifukwa kalipentala anayamba wadula zoti kunja ndiko kukhale mita, zikanachepa ndi kunenepa kwa matabwa. Tayeza kuchoka kona kupita kona inayo mbali zonse ziwiri, pafunika 1.41 kuti likhale sikweya. Ubwino wina wa bokosi n'ngoti pamwamba pa thabwa ndi pomwe pali levulo, ukasalaza basi wadziwa kuti 30 yakwana. Kunja timatsamiritsa ndi zidutswa za njerwa ndi zikhomo chifukwa konkire yaiwisi imakankha, thabwa likapindika mimba ndiye kuti wabwereranso komwe kuja.

Awiri lero, awiri Lolemba, awiri Lachiwiri, poti mabokosi ndi awiri okha ndipo timachotsa mawa lake.

Lachitatu, 22 Okutobala

Mafuting'i atha. 6 a m'mabokosi aja adya matumba 12 pamodzi ndi lotsegula lija, pepala limati 11.3, kusiyanako ndi zomwe zimakakamira pa malata osakanizirapo ndi mu wilibala, sindikudandaula. Nde mafuting'i onse 17, bulaindi 3, apita 20, atsala 13. Zipilala pepala likuti 13. Ndiye kuti matumba atatu anga apadera aja atha ndisanaimike ngakhale chipilala chimodzi, usiku wathawu tulo sindinatione bwino.

Za madzi ndilembeko pang'ono. Mjigo wapafupi ndi wamchere, ngakhale tiyi samveka, ndipo wojambula ananenetsa kuti madzi amchere asalowe mu konkire ya zitsulo chifukwa zimachita dzimbiri mkati momwemo iwe osaona. Nde tikutunga kumpopi wakutali ndi ngolo, madiramu awiri pa tsiku. Osakanizira ndi ochepa, matumba 33 safika ngakhale malita 900, ambiri akupita kothirira. Taphimba mafuting'i ndi masaka akale a thonje ndipo timanyowetsa m'mawa, masana ndi madzulo kwa masiku 7, chifukwa dzuwa la kuno ukangosiya tsiku limodzi pamwamba pamayera n'kuchita timing'alu ngati chidendene. Ameneyu ndi katundu amene sindinamuike m'bajeti ngakhale pang'ono.

Lachisanu, 24 Okutobala

Mapaipi afika, a PVC omwe amawatcha a 250, aatali 6 mita. Ndaphunzira tsopano, ndisanachite chilichonse ndinalowetsa tepi mkati. 240. Paja 250 yo ndi ya kunja, khungu la paipi ladya mamilimita 5 mbali iliyonse, ndipo konkire imakhala mkati. Ndinaimbira wojambula kuti achimwene chipilala chikhala 24 osati 25, pali vuto? Anafunsa kukula kwa maling'i omwe tapinda, ndinati 17 kunja kwake, anati ndiye kuti konkire yophimba zitsulo itsala masentimita atatu ndi theka mbali iliyonse, pa shedi ya malata palibe vuto bola zitsulo zikhale pakati zisatsamire paipi. Ndanena dala kuti ndinafunsa, alamu musadzangochepetsa nokha chifukwa mwawerenga pano, yanu ikadzakhala yosenza silabu ndi nkhani ina.

Ulendo uno kudzichulukitsa kuja kwandikomera ine.

```
3.14 x 0.12 x 0.12 x 4.0 = 0.181
0.181 x 8 = 1.45
```

Sentimita imodzi yokha yachotsa 0.12 pa 1.57 ija, lomwe ndi thumba lathunthu. Zipilala tsopano zikufuna matumba osakwana 12, ndili ndi 13. Mpweya wabwerako.

Sitithira mamita anayi onse kamodzi. Tiyamba zigawo zapansi za 1.3 mita, kuchoka pa futing'i kufika pa levulo ya fulo, kenako tikwirire maenje, kenako zapamwamba za 2.7. Chigawo chapansi chimodzi ndi 0.059, zonse 8 ndi 0.47, matumba anayi osatha. Chapamwamba ndi 0.122, ndipo thumba limodzi pa 1:1.5:3 limatulutsa 0.124 kapena pamenepo, nde zangochitika mwamwayi kuti thumba limodzi chipilala chimodzi. Zimenezi zandisangalatsa chifukwa palibenso kuwerengera pa saiti, thumba, ndowa ziwiri ndi theka za mchenga, zisanu za miyala ndi kapang'ono, zikuyenera kudzadza paipi pakamwa. Zikatsala zambiri ndiye kuti mkati muli mphako penapake konkire sinatsike, zikaperewera ndiye kuti paipi yatseguka kapena ikudontha pansi.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Zapansi zatha, matumba 4. Mapaipi tinawang'amba mulitali mbali imodzi ndi gulainda kuti tizivula n'kugwiritsanso ntchito, mkati kupaka oilo wakuda pang'ono, kunja kumanga ndi waya. Pansi pa paipi timamata ndi dothi la simenti dzulo lake kuti madzi a simenti asathawire pansi, akathawa kumatsala miyala yokhayokha patsinde pomwe pamafunika mphamvu. Palibe china chonena, zayenda bwino. Atsala 9.

Loweruka, 1 Novembala

Zinayi zapamwamba zaima. Chachitatu ndiye chinatipatsa phunziro.

Vaibuleta tilibe, tikujoba ndi chitsulo cha Y12 n'kumagogoda paipi ndi kahamala ka mtengo kuzungulira. Kugwetsa konkire kuchokera pamwamba pa 2.7 mita kumalekanitsa miyala ndi phala lake, miyala imatsogola, nde tinaboola kawindo pakatikati pa paipi, kuthira theka lapansi kudzera pamenepo, kutseka ndi chidutswa chake n'kumanga waya, kenako kumalizira pamwamba. Ziwiri zoyamba zinadzadza thumba likutha, mu wilibala munangotsala theka la fosholo, a bilida mpaka anandiyang'ana n'kuseka.

Chachitatu thumba linatha kutatsala pafupifupi masentimita 40 kuti tifike pakamwa. Masentimita 40 mu paipi imeneyi ndi malita 18, pafupifupi ndowa yathunthu, yapita kuti? Tsopano sindinayang'anenso anyamata m'maso, ndinatsika pa sikafodi n'kuzungulira paipi. Kumbuyo komwe kuli mng'alu, pansi cha m'mawondo, waya mmodzi anali ataduka ndipo paipi yayasama ngati zala zitatu, phala likutsetsereka mwakachetechete kulowa m'dothi lokwirira. Pansi ndi pomwe konkire yaiwisi imakankha kwambiri chifukwa yonse yapamwamba yatsamira pamenepo, ife tinamanga waya motalikana mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, masentimita 40 pena 50. Tinayesa kukoka ndi lamba wa galimoto koma sinabwerere yonse. A bilida anati timalize tidzapaka pulasitala, ine ndinakana, chifukwa chomwe chathawa ndi simenti, chotsala m'katimo ndi miyala. Tinavula paipi pomwepo konkire isanagwire, kuchotsa yonse, kutsuka zitsulo ndi madzi, n'kuyambiranso ndi thumba lina. Yochotsayo taiyala pakhomo pa khola la mbuzi isangotayika. Tsopano mita yapansi waya tikumanga masentimita 15 aliwonse, wopota kawiri.

Nde zinayi zadya matumba 5. Atsala 4, zipilala zatsala 4. Palibenso lolakwitsira.

Lachiwiri, 4 Novembala

Zonse 8 zaima. Tinayamba kusanache kwenikweni ndi tochi ya foni, pofika 9 koloko n'kuti tikutsuka mafosholo. Chomaliza chinatsala masentimita ngati atatu kuti chifike pakamwa, tinakokota wilibala ndi malata mpaka chinakwana, ndipo mutu wa chipilala udzalowabe mu bimu nde sindikuda nkhawa. Matumba 33 onse atha, mapepala ndawerenga alipo 33. Bulaindi 3, mafuting'i 17, zigawo zapansi 4, zapamwamba 9. Pepala loyamba linati 2, 15 ndi 13, nde zipilala zokha ndi zomwe zatuluka monga ndinalembera, maenje aakulu anandidyera atatu, waya woduka limodzi, paipi yopapatiza n'kundibwezera limodzi.

Mchenga watsala pafupifupi tilipi imodzi. Miyala yoswa ndi manja inatha ndipo tinatapako ya kwale mawilibala awiri pa futing'i yomaliza, ya kwale yatsala yosadzadza wilibala.

Zinayi zoyamba tavula mapaipi Lolemba. Zitatu zasalala ngati botolo, chimodzi chili ndi timabowo ngati chisa cha njuchi pansi pa pomwe panali kawindo, malo okula ngati chikhatho. Ndakanda ndi msomali, sitikuya, chitsulo sichikuoneka, ndatumiza chithunzi kwa wojambula wati tigobe zofooka, titsuke n'kumata ndi simenti yonona, nde ndikapempha theka la ndowa kwa aneba amene akupaka pulasitala nyumba yawo. Zipilala zonse tazikulunga ndi masaka n'kumanga luzi, mphwanga ndi amene ali pa ntchito yothirira akaweruka kusukulu.

A bilida madzulo ano anabwera ndi kapepala kawo, akuti bwana bimu ya pamwamba ija tiwerengeretu, ndipo matabwa ake ndikufuna ndiyeze ndekha mkati. Ndawauza abwere Lachinayi ndi tepi yawo, mitambo yayamba kale kusonkhana cha kumapiri a Thyolo ndipo msewu wolowera kuno mvula ikangogwa ngolo sidutsa.